Kamtengo kanagwa pa mpikisano woyamba

Tinapita awiri kukayeserera uphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji. Poti tinali achinyamata, aphunzitsi a zamasewera anatisiyira atsikana anayi a mpikisano wopatsirana kamtengo, aliyense wothamanga mamita 100. Pabwalo lapasukulu ankachita bwino zedi. Koma atakumana ndi sukulu zoyandikana nazo, mtsikana wa Fomu 2, yemwe ankathamanga kachitatu, anagwetsa kamtengo, manja ali thukuta lokhalokha, miyendo ikunjenjemera.

Lolemba lake tinawauza kuti, "Mukachita mantha muzipuma kwambiri." Apa tinalakwitsa. Anayamba kupuma mwaphuma ndi chifuwa, mapewa akukwera, ndipo posakhalitsa mmodzi anati akumva chizungulire, zala zachita dzanzi. Munthu akamapuma chonchi amataya mpweya wotuluka m'mapapo wochuluka kuposa umene thupi likupanga, ndiye mantha amangokula.

Tinasintha. Aliyense anaika dzanja pamimba, kukoka mpweya ndi mphuno tikuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6. Kutulutsako ndi kumene kuyenera kutalika, chifukwa mtima umachepetsa liwiro pamene munthu akutulutsa mpweya. Kupuma kasanu ndi kamodzi kumadya pafupifupi mphindi imodzi. Wolakwitsa tinkamudziwa msanga: dzanja lili zii pamimba, mapewa ndiwo akuvina.

Akakhazikika, tinkawauza kuti atsinzine n'kuthamanga m'maganizo. Poyamba ankamaliza m'kuphethira kwa diso, akumwetulira, onse atapambana kale. Kumeneko n'kulota chabe. Tinawapempha kuti aone zinthu ndi maso awo, osati ngati oonerera, ndipo zitenge nthawi yeniyeni, masekondi ngati 15. Amve wezulo, fumbi m'kamwa, phokoso la ana asukulu ina akuwakuwiza, mapazi a mnzawo akuyandikira kumbuyo.

Mtsikana uja anakana kutsinzina. "Madamu, ndikatseka maso ndikungoona kamtengo kakugwa." Sitinamuletse kukaona. Tinati akasiye kagwe, koma asalekere pomwepo: aone kakutoledwa, akulandira, akuthamanga mpaka kupatsira wachinayi. Kenako abwereze, ulendo uno dzanja atatambasulira kumbuyo, maso ali kutsogolo, kamtengo kakukhala m'chikhato. Zinatenga masabata atatu, mphindi zisanu tsiku lililonse tisanayambe kuthamanga. Kuziyamba m'mawa wa tsiku la mpikisano n'kungomuwonjezera mwana katundu.

Patsikulo tinawapumitsa kutatsala mphindi khumi, kenako tinawauza kuti azidumphadumpha, popeza wothamanga mamita 100 safunika kukhala phee ngati wodikira tulo. Mtsikana uja anabwera n'kutigwiritsa dzanja lake. Linali likunjenjemerabe. Atafika pamzere tinaona mapewa ake akutsika, milomo ikuwerenga. Anamaliza pa nambala 3, kamtengo kali m'manja mwa wachinayi.