Funso Ndilo Muyeso

Ambiri a inu, abale, mukumbukira mwezi wa Seputembala m'chaka cha 2018, pamene anyamata ndi atsikana anayenda khomo ndi khomo kulemba anthu a dziko lino, napeza kuti tinalipo 17,563,749. Kapena ena munadabwa kuona mlembi alikuwerenga funso monga mwana awerenga buku m'sukulu, ngakhale mwina anali wa m'mudzi mwanu womwe, wodziwa dzina lanu ndi la amayi anu. Ife amene tilemba mawu awa takhala tikuphunzitsa alembi otere pa mafunso ena aang'ono a m'midzi, ndipo tifuna kukuuzani chifukwa chake cha mwambo umenewu, pakuti ifenso tinauphunzira ndi manyazi.

Chaka china tinatumidwa kukafunsa za maneti otchingira udzudzu m'midzi ya kufupi ndi nyanja. Tinali nawo alembi 9, ndipo aliyense anapatsidwa nyumba 40. Funso lalikulu la pa pepala linali ili: "Kodi mwana uyu anagona m'neti usiku wathawu?" Tinawaphunzitsa masiku asanu; koma masiku anayi tinathera pa kupeza nyumba, kulemba manambala ndi kusunga mapepala, ndipo pakamwa pa mlembi tinasamalapo tsiku limodzi lokha. Apo ndi pamene tinalakwa.

Atabwera nawo mapepala, tinawerenga mayankho a mlembi aliyense payekha. Alembi 8 anapeza "inde" m'nyumba 22 kufikira 27 mwa 40 zawo. Koma mnyamata mmodzi, wakhama ndi waulemu koposa anzake, anapeza "inde" m'nyumba 38. Midzi yake inali yoyandikana ndi ya anzake. Anthu anatunga madzi pa mjigo umodzi, nalandira maneti nthawi imodzi. Nanga udzudzu unaopedwa bwanji kwa iye yekha? Chizindikiro choyamba ndi chimenechi: mayankho akatsata mlembi koposa kutsata mudzi, cholakwa chili pa kafunsidwe.

Tinatuma mlembi wina kubwerera ku nyumba 10 za mnyamatayo, ndipo 6 zokha zinati inde. Komatu umenewu sunali umboni wokwanira, chifukwa usiku umene anafunsa wachiwiriyo sunali usiku womwewo. Tsono m'mawa mwake tinapita naye mnyamatayo, tinakhala pa mphasa chete, ndi kumvera. Anapereka moni bwino lomwe, nati kwa mayi wa pakhomopo, "Mayi, mwanayu amagona m'neti, eti?" Ananena akumwetulira ndi kugwedeza mutu, pensulo ili kale pamalo polemba inde. Mayiyo anayankha, "Eee, achimwene, amagona."

Taonani zinthu zitatu zimene zinasintha m'mawu ochepawo. Choyamba, "anagona usiku wathawu" anasanduka "amagona". Ka "ma" kameneka n'kakang'ono, koma kanachotsa usiku umodzi wodziwika, nikaikapo chizolowezi. Mayi amene mwana wake agona m'neti nthawi ya dzinja yokha sanama ponena kuti amagona. Koma ife tinafunsa m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kutulutsa anthu kukagona pakhonde. Olemba funsolo anasankha usiku wathawu dala, popeza munthu aukumbukira bwino, ndipo sungakometsedwe msanga. Chachiwiri, liwu lakuti "eti" silifunsa, koma lipempha kuti umvomereze wonenayo. Ndipo ndani mwa ife afulumira kutsutsa mlendo wokhala pa mphasa yake? Chachitatu, nkhope ndi mutu zinayankha funso mayiyo asanatsegule pakamwa.

Tinapempha mnyamatayo kuti awerenge monga kunalembedwa. Atatero, mayiyo anakhala chete pang'ono, nati, "Usiku wathawu iyayi, neti ndinaichapa, ndiponso kunatentha." Mayi yemweyo, tsiku lomwelo, anapereka mayankho awiri osiyana, ndipo sananame pa lililonse, anangoyankha mafunso awiri osiyana.

Pobwerera mnyamatayo anatiuza chowawa mtima wake. Anati, "Aphunzitsi, kuwerengera munthu wamkulu pepala kundichititsa manyazi, ndinafuna kuti mayiwo amasuke." Sitinamdzudzule pa ulemu wake, koma tinamkumbutsa za pa msika. Wogula chimanga m'midzi 9 ndi mbale 9 zosiyana kukula sangathe kunena mudzi umene unagulitsa chambiri. Funso ndilo mbale yoyezera. Likakula m'dzanja la uyu, nilichepa m'dzanja la uyo, kuphatikiza mayankho kulibe tanthauzo. Ndipo mtengo wake ukadagwera anthu omwewo amene anawachitira ulemu. Pakuti midzi yake ikadaoneka yosasowa kanthu, ndipo ophunzitsa za malungo akadailambalala.

Kuyambira pamenepo tinasintha maphunziro athu. Alembi amakhala atatuatatu: mmodzi afunsa, wina ayankha, wachitatu agwira pepala ndi kutsata ndi chala liwu ndi liwu. Wofunsa akasiya liwu, kapena kuonjeza, wachitatuyo aomba m'manja, ndipo funso liyambidwanso. Amatero kufikira kuwerengako kumveka ngati kucheza. Pakuti manyazi aja abadwa ndi kuwerenga kododoma, ndipo mankhwala ake ndiwo kuzolowera mawuwo, osati kuwasintha. Woyankhayo timamuuza mseri kuti avute dala, afunse kuti, "Inu mukufuna ndinene chiyani?" kapena ayambe nkhani ya matenda a apongozi ake.

Pa zovuta zotere mlembi aloledwa njira zitatu zokha. Abwereze funso lonse pang'onopang'ono. Adikire chete, pakuti munthu wokumbukira afuna nthawi, ndipo mlembi woopa chete ndiye amaponya yankho. Kapena anene mawu osakokera mbali, monga akuti, "Mungandifotokozereko bwino, mayi?" Koma asanene kuti, "Ndiye kuti anagona?" Munthu akati sadziwa, ndipo atabwerezeredwa funso atero ndithu, kulembedwe kuti sadziwa. Polandira yankho, mlembi anene "zikomo" mofanana pa inde ndi pa iyayi. Pakuti akayamikira yankho limodzi kuti "mwachita bwino", waphunzitsa woyankhayo njira yomkondweretsa pa mafunso onse otsala. Ulemu wonse, moni ndi kufunsa za m'nyumba, uli ndi malo ake funso lisanayambe ndi litatha.

Tisabise kuti lamuloli lili ndi malire. Funso likamasuliridwa moipa, kuliwerenga mokhulupirika kungofalitsa cholakwacho m'nyumba zonse. M'midzi ina tinapeza kuti okalamba adziwa chinthuchi ndi dzina lakuti masikito. Koma mlembi sayenera kukonza yekha panjira. Abwere nacho kwa woyang'anira madzulo, ndipo liwulo likasinthidwa, lisinthidwe kwa onse tsiku limodzi. Ndiponso mawu olungama sathandiza ngati mfumu kapena mlangizi wa zaumoyo akhala pambali kumvera; chifukwa chake timapempha mwaulemu kufunsa munthu payekha.

Mnyamata uja anabwereza nyumba zake 40 zonse ndi miyendo yake, napeza "inde" m'nyumba 25. Chaka chotsatira ndiye amene anagwira pepala ndi kuombera anzake m'manja. Tsono mlembi akadzafika pakhomo panu, abale, nawerenga funso limene muganiza kuti yankho lake alidziwa kale, musamuyese wodzikuza. Mpatseni mpando, mumlole amalize funso lonse, ndipo mumuuze za usiku umene wafunsawo.