Diresi imene tinaiona kumsana chabe

Amama aang'ono amasoka ku Chilenje, ndipo ife awiri, ine ndi mlongo wanga, ndife a zithunzi. Iwo asoka, ife tijambula ndi foni, tikonza, tiika pa sitetasi. Mwezi watha anasoka diresi ya chitenge ya pa chilanga mulilo, mwini wake n'kuitenga m'mawa wa tsiku lomwelo tisanaijambule. Zimene tinapeza pambuyo pake ndi zithunzi ziwiri zimene wina anajambula pamwambo: chimodzi cha kumsana, china cha m'mbali. Kutsogolo sikunaoneke n'komwe.

Poyamba tinakhumudwa. Koma amama atayang'ana cha kumsana anati, "Ana inu, ntchito yanga ili apa." Analoza pa zipi. Nsalu ya kumbuyo imadulidwa pawiri, ndipo telala wodziwa amadula mwakuti duwa la kumanzere likumane ndi theka lake la kumanja, zipi n'kubisika pakati. Zimenezi zimadya nsalu komanso nthawi. Ndiye tinagwirizana kuti tikonze kuwala ndi mtundu, koma mzere wa zipi tisaukhudze.

Timagwiritsa ntchito Snapseed. Tinayamba ndi Rotate kuti chithunzi chiwongoke, ndipo tinatsata mphuthu ya chitseko chimene chinali kumbuyo, osati msana wa munthu, chifukwa munthu akamayenda amapendekeka. Kenaka White Balance. Kuwala kwa mu tenti kunapangitsa buluu wa chitenge kuoneka ngati wobiriwira, choncho tinatenga kachida kosankhira mtundu n'kukaika pa nsalu yoyera ya patebulo, buluu n'kubwerera. Ichi si chokongoletsa chabe: kasitomala akaitanitsa wobiriwira n'kulandira buluu, mlandu ndi wathu. Pomaliza tinaika kadontho ka Selective pamsana, tinachepetsa bwalo lake ndi zala ziwiri mpaka kufiira kosonyeza malo okhudzidwa kunachoka pakhosi ndi pamikono, n'kukweza kuwala pang'ono. Ukasiya bwalo lalikulu, khungu la munthu limayera nalo, ndipo mwini wake amadabwa kuti anayamba liti kudzola.

Pamene tinalakwa ndi pa Healing. Panali kaulusi kolendewera pafupi ndi zipi, ndipo mlongo wanga anapitapo ndi chala. Chida chimenechi chimabwereka zimene zili pafupi n'kuzimata pamalopo. Pakhoma chimagwira bwino, koma pa chitenge chinabwereka theka la duwa n'kuliika pamene panalibe duwa. Pa foni sizinaoneke mpaka titakulitsa chithunzi n'kuwerenga maluwa: kumanzere 5, kumanja 5 ndi kachidutswa. Tikanatumiza, bwenzi amama akuoneka ngati sadziwa kudula. Tinabweza, kaulusi tinakasiya.

Cha m'mbali chinatiyesa mwanjira ina. Tinafuna kuika zithunzi ziwirizo pamodzi, ndipo zinaoneka bwino mayiyo atayang'ana mkati, ndiye tinachitembenuza ngati pagalasi. Amama anangoyang'ana kamodzi: "Mpata wa siketi ndinauika kumanzere. Uyu wa kumanja wasoka ndani?" Zoona, kutembenuza kumasamutsa mpata, thumba ndi mbali imene mabatani atsekera, ndipo ngati pansalu pali zilembo zimawerengeka chobwerera. Tinachibweza mmene chinalili.

Manje nkhani ya kutsogolo. Mnzathu wina anati titenge chithunzi cha diresi ina ya amama yofanana nayo, tidule chifuwa chake, tisinthe mtundu, tinene kuti ndi yomweyo. Zinali zotheka, ndipo kunena zoona tinaganizirapo usiku wonse, pakuti anthu akaona msana chabe funso loyamba ndi lakuti, "Nanga kutsogolo?" Koma chithunzi cha m'mbali chimakuuza zochepa: kutukumuka kwa mkono, msoko wa m'nthiti, kutalika kwa siketi. Sichikuuza ngati khosi ndi lozungulira kapena losongoka, ngati latsika kwambiri kapena ayi. Ndipo khosi ndi limene anthu amakanganirapo. Mtsikana amene akaonekere pamaso pa apongozi, akapereka ndalama yoyamba chifukwa cha khosi limene ife tamata, sadzabwera kwa ife. Adzapita kwa amama, chitenge chake cha mayadi 6 chitadulidwa kale.

Tinaika zithunzi ziwirizo mmene zinalili, pansi n'kulemba zimene amama anatiuza: khosi lozungulira lofika pafupa la pakhosi, palibe mabatani, lamba wosokerera m'chiuno. Tinawonjezera kuti chithunzi cha kutsogolo tilibe. Amama anajambula kutsogoloko ndi pensulo m'kabuku kawo ka miyezo, ife n'kujambula tsambalo, dzina la kasitomala titaliphimba ndi chala, kukhala chithunzi chachitatu.

Mwini diresi tinamuimbira kupempha chilolezo tisanaike, ngakhale nkhope yake sioneka. Anavomera, nati Loweruka adzaivala kuti tijambule kutsogolo. Maloweruka atatu apita. Dzulo amama akhomera msomali kuseri kwa chitseko cha shopu, apachika hang'ala, ndipo ati chovala chisatuluke tisanachijambule mbali zonse 4, ngakhale takisi ikuliza hutala panja.