Chingwe chokhotera kumanja

Kuzizira kwa Juni kochokera ku nyanja ya Chiuta kunandiyambitsa kulukira mwana juzi ya zingwe zopotana. Kasingano kogwirizira masitichi sindinakapeze pamsika wa ku Insaca, ndiye ndimapota ndi zala.

Chingwe changa ndi cha masitichi 4. Ndimalowetsa singano yakumanja chakumbuyo mu lachitatu ndi lachinayi, ndikutsina pansi, ndikusolola onse. Awiri oyamba amalendewera kutsogolo. Ndimawatola msanga ndi singano yakumanzere, ndikubwezerapo awiri aja, ndikuluka. Chikatero chimakhotera kumanzere. Ukakoka ulusi pamenepo, olendewerawo amathawa.

Tsiku lina ndikucheza ndi anzanga ndinalowetsa chakutsogolo. Ndinazindikira nditadutsa mizere 5: chingwe chimodzi chapita kumanja chokha! Amayi anati, "Masula yonse, mwanawe."

Sindinamasule. Ndinagwetsa masitichi 4 okhawo mpaka mzere wolakwikawo, kumbuyo kunatsala tiulusi 6 ngati makwerero. Ndinapotanso bwino, kenako ndinaluka mzere ndi mzere, kuyambira kaulusi kapansi. Apa mpofunika maso, chifukwa ukadumpha kamodzi pamatsala chibowo. M'mbali munalefuka pang'ono, koma nditachapa juziyo munakhazikika.