Kuwerengeratu Matailosi a Chipinda

Ife amisiri omata matailosi kuno ku Phalombe, popeza katundu wathu wambiri amachokera kutali ku Limbe, ndipo amafika ku Migowi kapena ku Chiringa atagwedezeka m'galimoto njira yonse, tidaphunzira kale kuti ntchito imayambira pa pepala, simenti isanasakanizidwe. Pakuti ngakhale Malembo amanena za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera, kuopa kuti angaleke panjira anthu namseka.

Ndikalowa m'chipinda ndimayesa mulitali ndi mulifupi ndi tepi, pansi penipeni m'mphepete mwa khoma, pulasitala itamatidwa kale, ndipo ndimayesa mbali zonse ziwiri zoyang'anizana, chifukwa makoma a njerwa zootcha amene amaoneka oongoka m'maso kawirikawiri amasiyana masentimita awiri kapena atatu. Pamene pasiyana, ndimatenga muyeso waukuluwo.

Titenge chipinda cha mamita 4.3 mulitali ndi mamita 3.5 mulifupi, chimene mwini wake wasankhira matailosi a masentimita 40 mbali zonse. Njira ya kusukulu, imene wogulitsa m'sitolo amatsatanso, ndiyo kuchulukitsa 4.3 ndi 3.5, zimene zitipatsa masikweya mita 15.05, ndi kugawa ndi 0.16, ndiwo malo amene tailosi imodzi imaphimba. Yankho lake lipitirira 94 pang'ono, choncho tinene 95. Masamuwo ngoona, koma aiwala kuti tailosi si matope oti ungazire paliponse patsala mpata.

Chifukwa chake ine ndimawerenganso mizere monga momwe ndidzayalire. Mulitali muli masentimita 430, momwe mulowa matailosi athunthu 10 ndi kutsala mpata wa masentimita 30. Mulifupi muli 350, momwe mulowa 8 ndi kutsalanso 30. Mpata uliwonse ufuna tailosi yakeyake yodula, motero mizere ikhala 11 ndi 9, ndipo kuchulukitsa kwake ndi 99: athunthu 80, odula 19. Taonani tsono, bambo, kumene anayi oonjezerawo alowera: podula 30 pa tailosi ya 40, kachidutswa kotsala nka masentimita 10, kamene sikakwana pena paliponse m'chipindamo, ndipo kangounjikika pakhomo, ana n'kumaseweretsa. Mpata ukadakhala wa 15, wosafika theka la tailosi, imodzi ikadabala zidutswa ziwiri zogwira ntchito, ndipo zotayika zikadachepa. Nchifukwa chake zipinda ziwiri zolingana kukula sizidya matailosi mofanana. Timipata ta mamilimita atatu timene timasiya pakati pa matailosi sindiwerengera m'chipinda chaching'ono chotere, pokhapokha ngati mpata wotsala kukhoma uli wochepetsetsa.

Kudula nkwina, kusweka nkwinanso. Potsegula katoni pamapezeka ina yobenthuka pangodya, ina imang'aluka mokhota pansi pa chodulira, makamaka pozungulira mphuthu za chitseko, ndipo ingapo iyenera kusungidwa m'nyumba kuti tsiku limene mphika wachitsulo udzagwe pansi padzapezeke cholowetsa. Pa 99 aja ndimaonjezera asanu pa zana lililonse, ndiwo 104. Amene atsata njira ya kusukulu aonjezere khumi pa zana, chifukwa chiwerengero chake sichinaone zodula, ndipo 95 akhala 105. Njira ziwirizi zikayandikana chotere mtima umakhala pansi, koma zikatalikirana ndimabwerera ku tepi, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Wofuna kuyala mopingasa, ngodya zitaloza kukhoma, aonjezere 15 pa zana, popeza tailosi iliyonse ya m'mphepete imadulidwa. Siketing'i ya m'munsi mwa khoma iwerengedwe payokha.

Matailosi sagulitsidwa kawirikawiri imodziimodzi koma m'makatoni, ndipo kuchuluka kwake kumalembedwa pakatonipo. Ngati muli 12, ndiye kuti 105 afuna makatoni 9, ndiwo matailosi 108; makatoni 8 angopereka 96, osakwana ngakhale mizere yokha popanda yosweka. Apa mpamene eni nyumba ambiri amanyinyirika, poganiza kuti mmisiri afuna kupita ndi otsalawo kwawo, ndipo amachotsa katoni imodzi. Komatu matailosi amaotchedwa m'magulumagulu ku fakitale, ndipo gulu lina, ngakhale dzina ndi maluwa ake zikhale zomwezo, limatuluka loderako kapena loyererako. Munthu akabwerera ku Limbe patapita mwezi amalipira ulendo kawiri, napeza mtundu uja utatha, kapena abwera ndi wosiyana umene udzaonekera mzere wonse wa kukhoma. Gulani makatoni onse tsiku limodzi, ndipo musanakweze m'galimoto onetsetsani kuti nambala ya gulu yolembedwa pambali ndi imodzimodzi pa katoni iliyonse.