Shati ya pa nambala 5

Ife a pawailesi tinakula ndi mwayi umodzi: palibe amene amaona zimene tavala. Ungalowe mu situdiyo ndi sikipa yomwe unagona nayo, omvera ku Chawama n'kumakamba kuti mawu ako ndi aulemu. Mwayi uwu unatha tsiku limene tinagwirizana kuti uthenga wa kolera tiuikenso m'mavidiyo afupiafupi a pa foni. Tonse timakumbukira mvula ya 2023 kulowa 2024, pamene odwala anachuluka mpaka bwalo la Heroes linasanduka chipatala. Tinafuna kuti mvula ina isanayambe, achinyamata a m'komboni mwathu akhale ataona mavidiyo khumi, awiri pa sabata, kwa masabata asanu.

Foni yojambula bwino inali imodzi, yobwereka, ndipo mwini wake anatipatsa pa Chiwelu chimodzi chabe. Ndiye masabata asanu onse anayenera kulowa m'tsiku limodzi.

Tinayamba ndi kulemba. Masikilipiti khumi, iliyonse ya mphindi imodzi, iliyonse yokamba chinthu chimodzi: kuthira klorini m'madzi, kusamba m'manja, kupanga madzi a shuga ndi mchere (lita imodzi ya madzi aukhondo, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira, theka la kasupuni ka mchere), ndi zina zotero. Sikilipiti iliyonse tinaiwerenga mokweza wina atagwira wochi, chifukwa mawu a Chinyanja ndi aatali. Tsamba looneka lalifupi limadya mphindi ndi theka. Ife tikapyola mawu 100, timadziwa kuti tadutsa. Tinafufutanso mawu onse ouza tsiku. “Lero kwatentha” ndi zoona pa Chiwelu chojambulira, koma vidiyo ya nambala 9 idzatuluka patapita mwezi, mwina kunja kukugwa chimvula.

Apa m'pamene panabuka mkangano. Woulutsa wathu, amene ndiye anali kudzaonekera, anafuna tisanje malinga ndi zovala: zonse za sikipa yabuluu tizimalize, kenako shati ya chitenge, kenako yoyera. Zimamveka zanzeru mpaka utaziika pa pepala. Sikipa yabuluu ija inali ndi sikilipiti ina ku pompi, ina ku maliketi, ina kunyumba. Ndi zovala zitatu, tikanazungulira malo atatuwo katatu. Kusintha shati kumatenga mphindi ziwiri. Kusintha malo kumatenga ola lathunthu, ndalama za basi za anthu atatu, ndi kupemphanso chilolezo kwa anthu amene unawatsanzika kale. Choncho malo ndiwo amayamba, chovala chimatsatira.

Tinang'amba tsamba pakati pa kope n'kujambula mizere isanu: nambala, malo, chovala, katundu wofunika, tsiku lotulutsa. Masikilipiti 1, 4 ndi 7 anagwera ku pompi ya madzi. Masikilipiti 2, 5 ndi 9 ku maliketi. Otsala, 3, 6, 8 ndi 10, kukhitchini kwa azakhali a mmodzi wa ife. Mukayang'ana manambalawo muona kuti potulutsa, malo amasinthanasinthana: pompi, maliketi, nyumba, pompi. Izi tinachita dala, ndipo zinatithandiza pa nkhani ya zovala kuposa momwe tinayembekezera. Popeza mavidiyo otsatizana sachokera malo amodzi, tinangomangirira chovala ku malo. Ku pompi sikipa yabuluu, ku maliketi shati ya chitenge, kunyumba yoyera. Woonera Mande ndi Chinayi aona munthu wovala zosiyana, pamalo osiyana, ngati kuti tinatuluka kawiri. Ndipo ku maliketi, komwe kulibe kobisala kuti uvule, woulutsa anangovala shati pamwamba pa sikipa.

Dongosolo la malo linalamulidwa ndi dzuwa ndi phokoso, osati ndi ife. Ku pompi tinafika 6 koloko m'mawa, mzere wa zigubu ulipo kale, kuwala kudakali kofewa. Mu Okutobala dzuwa likafika pamutu limaika mithunzi yakuda m'maso, munthu n'kumaoneka ngati sanagone masiku atatu. Maliketi tinaika 8 koloko, ogulitsa nyimbo asanayatse masipika. Za m'nyumba tinazisiyira masana, pafupi ndi windo, kuti ngakhale malaiti apite tisadandaule. Tisanayambe sikilipiti iliyonse, wina anali kuonetsa pepala lolembedwa nambala kutsogolo kwa kamera. Musanyoze kapepalako. Madzulo foni imakhala ndi tizidutswa toposa 40 tofanana nkhope, ndipo popanda nambala umatsegula kamodzikamodzi mpaka usiku.

Pofika 15 koloko tinali titamaliza, tikudya nsima ya azakhali, tikudzitama. Foni tinabweza madzulo omwewo titakopera zonse mu kompyuta.

Vuto tinaliona pa Sondo, polumikiza nambala 5. Sikilipiti iyi imayambira ku maliketi, woulutsa akugula lepu ndi tomato, n'kuthera kukhitchini akuzitsuka ndi madzi othira klorini. Vidiyo imodzi, malo awiri. Pa pepala lathu tinailemba mzere umodzi wokha, “maliketi”, ndipo mbali yake yachiwiri tinaikumbukira tili kale kunyumba, n'kuijambula mothamanga pakati pa 3 ndi 6. Ndiye pa sikirini munthu akuti “tiyeni tikatsuke” atavala chitenge chofiira, sekondi yotsatira ali pa beseni atavala shati yoyera. Lepu nayenso, wogulidwa 8 koloko n'kukhala mu pulasitiki mpaka 13 koloko, anali atafota ngati wa dzana.

Mmodzi wa ife anati tingoitulutsa choncho, uthenga ndi womwewo. Tinatsala pang'ono kuvomera. Koma timawadziwa anthu athu, chifukwa nafenso ndife omwewo: pansi pa vidiyo pakanadzaza za shati, wina akufunsa ngati anakasamba kaye, ndipo za kutsuka ndiwo palibe akanazikamba. Kujambulanso sikukanatheka, foni inali itapita.

Chinatipulumutsa ndi ntchito yathu yakale. Panali kachidutswa ka masekondi 8 komwe wojambula anayandikira beseni, koonetsa manja okha, ndipo mwamwayi shati yoyera ija ndi ya manja aafupi. Tinachotsa nkhope yonse ya kukhitchini, n'kusiya mawu okha pamwamba pa manjawo. Mawu anali a masekondi 25, manja a masekondi 8, ndiye tinadula ziganizo ziwiri, n'kuchedwetsa chithunzi, n'kubwereza mbali ina. Amene amadziwa kulumikiza mavidiyo akhoza kuona kuti tomato mmodzi akutsukidwa kawiri. Chiganizo china chimene chinapita chinali chokamba zotaya madzi otsukira kutali ndi pamene ana amasewera, ndipo icho chimatiwawabe.

Manje pepala lathu lasintha pang'ono. Sikilipiti ya malo awiri imatenga mizere iwiri, 5a ndi 5b, ndipo chovala cha 5a chimalembedwa pa 5b ndi bolopeni yofiira. Tikafika malo atsopano, timayamba ndi zidutswa zoterezi woulutsa asanavule chimene wabwera nacho. 5b ikanakhala yoyamba kukhitchini, shati ya chitenge idakali pathupi. Pamalo aliwonse timajambulanso manja okha, chigubu chokha, beseni lokha, masekondi 30 chilichonse, ngakhale sikilipiti isanene. Ndiwo zamasamba zimayenda mu nsalu yonyowa. Ndipo usiku wa Chisanu woulutsa amatitumizira chithunzi cha zovala zitatu zili pa bedi, chilichonse ndi kapepala ka manambala ake kobayidwa ndi pini pa kolala.