Rampu iziimira payokha: zomwe ndimachita pa nyumba yakale

Ndine mmisiri womanga, ndipo ntchito yanga yambiri ndimagwira muno mu Mzuzu. Masiku ano anthu amandiitana kawirikawiri kuti ndikaike rampu ndi chimbudzi cha anthu aulumali pa tchalitchi, pa holo kapena pa ofesi. Nyumba ikakhala yatsopano palibe chovuta. Ikakhala yakale, ndimayenda mwaulemu, chifukwa rampu yoikidwa molakwika imaolesa khoma lomwe lakhala chilili kuyambira nthawi ya agogo athu.

Ena amadabwa ndikanena za nyumba zakale mu Mzuzu, poti mzinda uno ndi wa dzulodzuloli. N'zoona, unayamba ndi minda ya mitengo ya tangi kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo unadzatchedwa mzinda mu 1985. Tilibe nyumba ngati ya miyala ya ku Livingstonia, yomangidwa mu 1903, momwe ankakhala Robert Laws. Koma pa chifukwa chomwecho, nyumba zochepa zomwe zatsala za m'ma 1950 ndizo mbiri yathu. Komanso kuyambira mu 2012 dziko lino lili ndi lamulo loti anthu aulumali azitha kulowa m'malo ofikamo anthu onse. Zonse ziwirizi n'zofunika, ndipo mmisiri ndiye amaziyanjanitsa. Mfundo yanga ndi imodzi: chatsopano chiime pa maziko akeake, chikhudze chakale pang'ono pokha, ndipo chithe kuchotsedwa tsiku lina popanda kusiya bala.

Ndifotokoze za holo ina ya mpingo yomwe ndinagwirapo, ya njerwa zootcha, khonde lalitali kutsogolo ndi masitepe anayi.

Ndisanakumbe ndimayamba ndafunsa khoma kuti linamangidwa ndi chiyani. Ndimatenga msomali n'kukanda pakati pa njerwa ziwiri, pamalo obisika. Pakayoyoka fumbi lofiirira, ndiye kuti anamangira dothi. Pakatuluka zoyera zofewa, ndimadonthezapo viniga, ndipo zikachita thovu ndimadziwa kuti muli laimu. Pa holo ija m'kati mwa khoma munali dothi, kunja kokha ndiye anamata laimu m'mizere. Khoma lotere limamwa chinyezi nthawi ya mvula n'kumachitulutsa dzuwa likawala. Simenti ndi yolimba ndipo silola chinyezi kutuluka msanga. Mukathira konkire yogunda pakhoma lotere, madzi amasowa potulukira, amakwera m'njerwa, ndipo pakapita nyengo zingapo mumaona zizindikiro: mchere woyera pamwamba pa rampu, penti wotupa m'kati mwa nyumba, nkhope za njerwa zikusendeka. Kuno ku Mzuzu, komwe mvula imachedwa kusiya ndipo mawawa amagwa ngakhale m'miyezi yozizira, vutoli limabwera msanga. Pomwe pali chinyezi, chiswe sichichedwa.

Kenako ndi tepi. Masitepe anayi aja anali a masentimita 15 iliyonse, ndiye kuti khonde linali masentimita 60 kuchoka pansi. Lamulo la rampu ndi ili: pa sentimita iliyonse yokwera pakhale masentimita osachepera 12 a kutalika. Choncho pamafunika rampu ya mamita 7.2, osawerengera malo athyathyathya kumunsi ndi kumtunda. Kuiika kutsogolo kukanatanthauza kukwirira masitepe akale ndi kubisa nkhope ya nyumba. A komiti ena anati, "Amisiri, bwanji osangoika kuseri? Kuli chitseko chaching'ono, palibe angaione." Ndinawayankha kuti, "Abambo, munthu wobwera ku ukwati wa mwana wake sayenera kulowera kodzera nkhuni. Tiyeni tipeze njira yoti alowere pomwe mumalowera inuyo."

Njira inalipo, chifukwa malo ambiri mu Mzuzu ndi otsetsereka. Nditazungulira ndi levulo ndi chingwe ndinapeza kuti kumapeto kwa khonde, mbali yakumtunda, kutalika kwake kunali masentimita 36 okha. Pamenepo tinatha kupanga rampu yosavuta kukwera, ya 15 pa sentimita iliyonse, ndipo inakwana mamita 5.4. Munthu amakwera m'mbali mwa nyumba, n'kufika pakhonde, n'kulowa pachitseko chachikulu limodzi ndi anzake. Masitepe akale sitinawakhudze.

Rampuyo sitinaigundike pakhoma. Tinasiya mpata wa masentimita 60, n'kuupanga ngalande yodzaza ndi kwale, yotsetserekera kutali ndi maziko. Madzi a padenga amagwera m'menemo, ndipo tsinde la khoma limaombedwa mphepo. Pokumba maziko a rampu tinagwiritsa ntchito makasu ndi mapiki, ndipo sitinapitirire kuya kwa maziko akale, poopa kuwagwedeza. Mbali ziwiri tinamanga timakoma ta njerwa, pakati tinathira dothi n'kusindira bwino pang'onopang'ono, pamwamba konkire ya masentimita 10. M'lifupi, pakati pa zogwirira, tinasiya mamita 1.2. M'mphepete tinakweza kamlomo ka masentimita 10 kuti tayala la njinga ya anthu aulumali kapena ndodo isaphonye.

Poyesa kutsetsereka sindidalira maso. Levulo yanga ndi ya mamita 1.2. Ndimaika mbali imodzi pa rampu n'kukweza inayo mpaka kadontho kaima pakati, kenako ndimayeza mpata wa pansi pake. Ukakhala masentimita 8, ndiye zili bwino pa rampu ya 15. Ukapitirira 10, rampu yaimirira kwambiri, ndipo munthu wodziyendetsa yekha angagwe chagada pokwera kapena kulephera kuima potsika. Aliyense wa komiti angathe kuyesa motere asanalipire mmisiri.

Konkire isanaume tinaisesa ndi tsache lolimba mopingasa kuti ikhale yokhakhala. Ndinawapempha amayi osamalira holo kuti asamapakepo polishi ngati pakhonde, ndipo ndere zikayamba azizikwecha. Rampu yosalala ikanyowa ndi yoopsa kuposa masitepe. Zogwirira tinapanga za paipi ya masentimita 4 kunenepa, mizere iwiri, wina pa masentimita 90 wina pa 70, ndipo nsanamira zake zinamera mu rampu momwemo. Pakhoma lakale sitinabowolepo ngakhale bowo limodzi.

Malo amodzi okha ndiwo tinayenera kudula chakale. Kumapeto kwa khonde kunali kakhoma kofika m'chiuno, ndipo panafunika mpata wolowera. Apa girainda sindiilola. Tinajambula zithunzi, kenako njerwa iliyonse ndinailemba nambala ndi choko, mzere ndi mzere. Ndinkakanda dothi ndi kachitsulo kopyapyala mpaka njerwa yagwedera, n'kuisolola ndi manja. Pa njerwa ina panali chidindo cha zala zitatu za amene anaiumba, anaigwira idakali yaiwisi. Zonse tinaziika m'bokosi limodzi ndi pepala losonyeza malo ake, kuti wofuna kubwezeretsa adzathe kutero. M'mbali modulidwamo tinakonza ndi laimu, muyeso umodzi ku miyeso itatu ya mchenga, n'kuphimba ndi masaka onyowa, pakuti laimu amalimba pang'onopang'ono ndipo akauma msanga amang'aluka. Pomwe malo athyathyathya a rampu, a mamita 1.5 mbali zonse, akumana ndi khonde, tinaika pepala la pulasitiki ndi kampata kochepa kodzaza ndi zofewa, kuti konkire yatsopano isamatirire ku njerwa zakale.

Chitseko chachikulu chinali cha mapiko awiri, ndipo onse akatsegulidwa njinga imadutsa bwino. Chomwe chinatsala ndi kachitunda ka pakhomo. Kalipentala anasema thabwa lotsetsereka longokhazikapo, ndipo felemu yakale inatsala momwe inalili.

Chimbudzi ndicho chimaononga nyumba zakale kuposa rampu, chifukwa chimabweretsa madzi tsiku lililonse. Paipi yodontha m'kati mwa khoma la dothi imasungunula dothilo mwakachetechete. Komanso zogwirira za m'chimbudzi zimanyamula thupi lonse la munthu, ndipo mabawuti omangidwa m'njerwa zofewa amazuka. Choncho ndimafufuza kaye gawo lomwe si loyambirira. Pa holo ija panali kasitolo komwe anawonjezera pambuyo pake, ka simenti. Zimenezi mumaziona pa mzere woongoka pomwe njerwa zatsopano sizinalukane ndi zakale. M'menemo ndimo tinaika chimbudzi. Mapaipi onse ndi zogwirira zinapita pa makoma atsopano, ndipo ngalande yopita ku thanki tinailambalalitsa kutali ndi maziko akale.

M'kati munali mamita 1.5 ndi 2.2, womwe ndi muyeso wocheperatu. Chitseko chinali cha masentimita 90, chotsegukira kunja, kuti munthu akagwa m'kati thupi lake lisatseke njira ya omuthandiza. Mpando tinaukweza kufika pa masentimita 48, pafupifupi mofanana ndi mpando wa njinga, kuti munthu azingosuntha chammbali. Pakati pa mpando panali masentimita 50 kuchoka pakhoma lapafupi, ndipo mbali inayo inatsala yopanda kanthu, poimika njinga. Chogwirira chimodzi chinali pakhoma, pamtunda wa masentimita pafupifupi 70, china chopindika m'mwamba mbali yotsegukayo. Sinki inali yaing'ono, yopanda mwendo kunsi kuti mawondo alowe, ndiponso pafupi moti munthu afikire ali chikhalire. Poti madzi amatha kusiya m'mipope, tinakonzeratu kashelefu ka ndowa pakona, apo ayi ndowa ikanakhala pamalo oimika njinga.

Simenti isanathiridwe ndinapempha mayi wina wa mumpingomo, woyenda pa njinga, kuti adzayese. Tinajambula chipinda chonse ndi choko pakhonde. Atatembenuka m'mizeremo anati, "Amisiri, sinkiyi mwaiika pomwe pamadutsa mapazi anga. Isunthireni kuno." Kusuntha mzere wa choko kulibe mtengo, pomwe kusuntha paipi yokwiriridwa kumadya matumba a simenti.

Za chilolezo, mapulani amayenera kudzera ku khonsolo ya mzinda. Nyumba ikakhala pa mndandanda wa zotetezedwa ndi lamulo la zipilala ndi zinthu zakale, simukhudza njerwa musanamve kuchokera ku nthambi ya boma yoona zimenezi. Zithunzi ndi miyeso ya momwe nyumba inalili ndimazisiya kwa eni ake, chifukwa mmisiri wobwera pambuyo panga adzafuna kudziwa chakale ndi chiti, changa ndi chiti.

Ntchito yotere ndimaiweruza mvula ikatha. Ndimakayang'ana tsinde la khoma ngati lili louma, ngalande ngati siinadzaze masamba, zogwirira ngati sizikugwedera. Ndimatsegulanso chimbudzi, pakuti nthawi zambiri chimasanduka mosungira mipando yothyoka ndi matsache, kiyi ali kwa munthu amene sanabwere. Ndiye popereka ntchito ndimapempha komiti kuti isankhe munthu mmodzi woyang'anira zinthu zitatu: ngalande ikhale yoyera, rampu isapakidwe polishi, ndipo chimbudzi chikhale chotsegula nthawi iliyonse yomwe holo ili yotsegula.