Kalata Yofunsa Ndarama Zanga za Nsapato

M'masitoro ena mukali cikwangwani cakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo ena amadinda mau omwewo pansi pa lisiti. Anthu ambiri akawerenga mauwo amangoti nkhani yatha. Koma lamulo loteteza ogula, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'caka ca 2010, limaletsa wamalonda kuika mau otere ofuna kulanda wogula ufulu wace, ndiponso limamletsa kugulitsa katundu woonongeka kapena wosayenera nchito imene amamgulira. Nsapato nchito yace ndiyo kuyenda. Imene yayasama pakamwa ngati ng'ona isanathe milungu iwiri siinagwire nchito yace.

Zanga ndinagula pa 3 Febuluwale, pa mtengo wa K450, m'sitoro ina imene sindiichula dzina. Ndinazibvala masiku asanu ndi anai okha, popita ku nchito ndi pobwerera. Pa 15 mwezi womwewo soli ya nsapato ya kumanja inamatuka kuyambira ku zala kufikira pakati pa phazi, ndipo ya kumanzere inayamba kuonetsa mpata m'mbali. Mnyamata wogulitsa anandilandira mwaulemu ndithu, koma anati: "Bambo, ino ndi nthawi ya dzinja, kapena munaponda m'madzi. Pitani nazo kwa wosoka nsapato akumatireni, sizidya ndarama zambiri." Abwana ace kunalibe, ndipo mau a pakamwa amapita ndi mphepo. Ndipo cifukwa cace ndinalemba kalata.

Ndisanagwire colembera ndinayamba ndayang'anitsitsa nsapatozo, pakuti kalata yotere imaima pa zimene maso angaone. Nsapato zambiri za masiku ano sizisokedwa kunsi, zimamatidwa ndi guluu. Ku fakitale amayamba apala m'mphepete mwa cikumba kuti mukhale mokakala, napaka guluu mbali zonse ziwiri, namuumitsa, namtenthetsanso pang'ono, ndipo makina amapsinja soli ndi cikumba pamodzi. Zikagwirana bwino, kuzilekanitsa nkobvuta, ndipo pomatuka pamatsala tizidutswa ta cikumba tokanirira pa soli. Pa zanga panalibe zotero. Guluu yense anatsalira ku soli, wouma ngati khungwa, ndipo cikumba cinali cosalala ndi coyera ngati sicinakhudzidwe konse. Cimeneci ndi cizindikiro cakuti mbali ziwirizo sizinagwirane ciyambire, kaya cifukwa sanapale bwino, kaya guluu anauma asanapsinje.

Ndinazitembenuzanso. Mizere ya kunsi inali yakuthwa, cidendene cosadyeka. Cikumba cinalibe mabanga a madzi, ndiponso sicinali cokwinyika monga cimacitira munthu akayanika nsapato pafupi ndi mbaula. Ici ncofunika, cifukwa kutentha kumafewetsa guluu, ndipo wamalonda akaona cizindikiro ca moto adzati mwaononga nokha, ndipo pamenepo adzakhala atanena zoona.

Uphungu wakuti ndipite kwa wosoka ndinaukana. Osoka a pa msika ndi amisiri, ndipo ulusi wao kawirikawiri umakhalitsa kupambana guluu wa ku fakitale. Koma nsapato ikalowa singano umboni wafafanizika, ndipo a sitoro adzati munthu wina anaigwira kale. Ndinaziika m'bokosi lace monga zinaliri, nditazijambula zithunzi.

Kalatayo ndinailembera mkulu wa sitoro, pakuti wogulitsa alibe mphamvu yoturutsa ndarama m'kabati. Pamwamba ndinaika keyala yanga, nambala ya foni ndi tsiku, 16 Febuluwale. Mau ace anali awa:

"Okondedwa Bambo kapena Mai,

KUBWEZA NDARAMA ZA NSAPATO ZOONONGEKA, K450

Pa 3 Febuluwale ndinagula m'sitoro yanu nsapato zakuda za amuna, saizi 8, pa mtengo wa K450. Ndaphatikiza kope la lisiti.

Pa 15 Febuluwale, patapita masiku 12 cigulire, soli ya nsapato ya kumanja inamatuka kuyambira ku zala kufikira pakati, ndipo ya kumanzere yayamba kumatuka m'mbali. Ndinazibvala masiku 9 cabe, popita ku nchito. Sizinaviikidwe m'madzi, sizinayanikidwe pa moto, ndipo palibe amene wayesa kuzikonza. Mizere ya kunsi ikali yatsopano, monga mudzaona pa zithunzi.

Tsiku lomwelo ndinadza nazo ku sitoro yanu, koma sindinathandizidwe.

Popeza nsapatozi nzosayenera nchito imene ndinazigulira, ndipempha kuti mundibwezere K450 yanga yonse pofika pa 1 Marici. Nsapato ndidzazipereka tsiku lolandira ndarama. Tsikulo likapita osamva kanthu, ndidzapereka dandaulo ku bungwe la boma loteteza ogula la CCPC.

Ndine wanu,"

ndipo pansi ndinasaina ndi kulemba dzina langa moonekera bwino.

Awerengi adzaona kuti kalatayi njaifupi ndi youma. Ndinacita dala. Manyazi amene ndinaona poyenda mokoka phazi pakati pa anthu sindinawachule, ngakhale anandiwawa koposa ndarama, cifukwa sitoro siilipira manyazi. Mau akuti "ndinu akuba" mulibe. Munthu wotukwanidwa amayankha kutukwanako, naiwala nsapato. Ndiponso ndiganiza kuti mwini sitoro sanandinyenge mwadala. Iye anagula katunduyo m'makatoni kwa ena. Koma ndarama zanga analandira ndi iye, ndipo pangano la malonda liri pakati pa iye ndi ine. Akafuna kulondola amene anamgulitsa, ndi mlandu wace. Motero yankho lakuti "tidikire a fakitale" siliyenera kumcedwetsa wogula.

Cina cimene ndinalingalira nthawi yaitali ndi pempho leni-leni. Kalata yonena kuti "mundithandizeko" imasiya khomo lotseguka, ndipo thandizo lingakhale botolo la guluu. Munthu asankhe cimodzi, ndarama kapena nsapato zina, nacichule. Ine ndinasankha ndarama, cifukwa nsapato zina za mtundu womwewo mwina zinacokera m'katoni imodzi, zomatidwa tsiku limodzi ndi guluu yemweyo. Tsiku lomariza nalonso lichulidwe ndi nambala yace, pakuti mau akuti "msanga" alibe malire.

Lisiti leni-leni ndinasunga kunyumba. Mapepala a m'makina a masitoro amafufuma msanga akakhala pa dzuwa kapena m'thumba lotentha, ndiye kope lipangidwe mau akali kuwerengeka. Amene anataya lisiti asataye mtima: uthenga wa pa foni woonetsa kuti analipira, bokosi lokhala ndi mtengo wa sitoroyo, kapena mboni imene analinayo pogula, zonsezi zingathandize, ngakhale mkangano umatalikirapo.

Kalata ndinalemba ziwiri zofanana, ndi kupita nazo ndekha. Imodzi ndinapereka, inayo ndinapempha kuti aidinde, alembepo tsiku ndi kusaina. Mai wa pa kauntala anazengereza, nati kusaina ndiko kubvomera mlandu. Ndinati: "Iai, Mai, mungosonyeza kuti kalata yafika." Anasaina.

Mkulu wa sitoro anandiitana patapita masiku asanu. Poyamba anati nditenge nsapato zina, kenaka anati andipatse K300 popeza ndinazibvalako. Ndinaturutsa nsapato ya kumanja, ndi kumuonetsa cikumba cosalalaco ndi guluu wotsalira mbali imodzi. Anakanda guluuyo ndi cikhadabo, nagwa ngati nkhanambo. Anatuma mnyamata uja kukatenga nsapato ina ya mtundu womwewo pa shelefu, naipinda pa zala, ndipo m'mbali munaoneka kampata. Anawerenga K450, nandisainitsa m'buku kuti ndalandira, nauza mnyamatayo kuti atsitse nsapato zonse za mtunduwo.